Inu a makatani, bwerani mudzaone ntchito yanu

Ndalemba pano poti ku inibokosi mukungowerenga osayankha. Makatani munandisokera aja chaka sichinathe koma atha kale. Ndinakuuzani kuti windo la pabalaza ndi lalikulu komanso layang'ana kumadzulo, dzuwa lamasana lonse limathera mmenemo, mnyamata wanu atabwera kudzayeza anaona yekha koma anangoti mayi musadandaule nsalu iyi njolimba.

Panopa mapindo oyang'ana kugalasi ayera mizeremizere pomwe obisika mkati akadali ofiira, mukatembenuza mpendero wapansi mtundu umene ndinagula uli pompo. Ndiye zonena kuti ndinachapira sopo woipa zija musabwerezenso chonde, sopo amasankha mizere? Inde anang'ambika pochapa koma anang'ambika motsata mizere yomweyo, ukangokanikiza chala chikulowa ngati pepala lonyowa. Dzuwa silichotsa mtundu wokha ayi, limadya ndi ulusi womwe, madzi amangodzamalizitsa. Ndipo galasi wamba siliteteza, kuwala kowononga nsalu kumadutsa ndithu.

Ndinapita nayo nsaluyo kwa telala wina, anangoitembenuza nkundionetsa kuti kuseri ndi koyera, maluwa aja anangodinda pamwamba, nsalu yake ndi visikosi wosakaniza ndi thonje. Visikosi amafooka akanyowa ngakhale ali watsopano, nanji atapsa ndi dzuwa. Pamwamba pa izo simunaike laining'i, chikhalirecho ndi amene amayamba kulandira dzuwa, akatha umangosintha yekhayo katani nkutsala. Simunandifunse nkomwe ngati ndikumufuna! Makushoni a pasofa munasoka ndi nsalu yomweyo nawonso mbali yakuwindo yatuwa, mpando umodzi mitundu iwiri.

Inu ntchito yanu ndi imeneyi, mukudziwa kuti pawindo lotere silika ndiye amafumbutuka msanga kuposa zonse, thonje ndi visikosi zimafuna laining'i, poliyesitala amapirira, ndipo akiriliki amene mtundu anauthira ulusi usanapangidwe ndiye amakhalitsa chifukwa mtundu uli mpaka mkati. Mukudziwanso kuti wofiira wowala chonchi kusuluka kwake kumaonekera msanga kusiyana ndi mitundu yoyererako. Opanga nsalu amayeza kupirira kuwala pa sikelo ya 1 mpaka 8, pawindo ngati langa munthu amafuna 6 kupita mmwamba. Yanuyi ili pa chani? Ndinafunsa pafoni mtsikana wanu anati adzafunsa abwana, mpaka lero zii.

Ndalama sindikufuna. Mundisokere ena a poliyesitala kapena akiriliki, mtundu woyererako, muike laining'i woyera kuseri ndipo nambala ija mundionetse pa lebulo ya nsalu musanadule. Makushoni musinthenso. Makatani akalewa ndawasunga, tumani munthu adzatenge mukaone nokha, ndipo mundiyankhe pompano pagulu osati ku inibokosi.