Ndikane bwanji ntchitoyi kuti mawa adzandiitanenso?

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yaing'ono m'tauni muno. Kumayambiriro kwa chaka ndinafunsira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi, lomwe ofesi yake ili ku Katoto. Anandiitana ku intavyu, kenako kunangoti zii, akuti ankadikira ndalama za pulojekiti. Sabata ino anditumizira imelo yoti andilemba ntchito, ndipo akufuna yankho pofika Lachisanu.

Vuto ndi loti panthawi yomwe anali chete ija, abwana anga anandilipirira mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi muno, ndipo ndinasainira kuti ndigwirabe nawo ntchito mpaka Juni chaka chamawa, apo ayi ndibweze ndalama zonse. Ndalamazo ndilibe, komanso sindikufuna kuthawa anthu amene anandikhulupirira. Zokana ndatsimikiza kale. Chomwe chandithetsa nzeru ndi kalembedwe ka imeloyo, chifukwa bungwelo ndimalifunadi, ndipo mabungwe otere kuno kumpoto ndi owerengeka. Amene umamukana lero ndi yemweyo ukampeza kutchalitchi Lamulungu, mwinanso pa intavyu ina.

Zomwe ndalemba pakadali pano, ndikazinena m'Chichewa, zikuti: "Ndathokoza kwambiri pondisankha pa udindo wowerengera ndalama, komanso chifukwa cha nthawi imene munacheza nane. Nditaganizira mofatsa, ndaona kuti sinditha kuilandira ntchitoyi, chifukwa ndili ndi mgwirizano ndi kumene ndikugwira pano womwe utha mu Juni chaka chamawa. Ntchito yomwe mukugwira ndi magulu a alimi inandigwira mtima, ndipo ndingakondwe mutasunga makalata anga kuti mwayi wina ukadzapezeka nyengoyo itadutsa, mudzandiganizire."

Mzere wa chifukwawo ndi umene wautsa mkangano kunyumba. Bambo a kunyumba akuti ndiuchotse, ndingoti "pa zifukwa za ine mwini", poti ndikatchula mgwirizano mwina anena kuti alipira okha ndalamazo, ndiye ndidzasowa pothawira n'kukana kachiwiri, zomwe zingapweteke kuposa poyamba. Ine ndikuona mosiyana. Munthu akangoti zifukwa za mwini, owerenga amadzipezera okha chifukwa: kaya malipiro amuchepera, kaya wapeza kwina kwabwino, kaya ankangofuna kalata yoti akaopsezere abwana ake amukwezere malipiro. Pamene ndikatchula mwezi umene ndidzamasuke, akudziwa kuti vuto langa lili ndi polekezera, ndipo mawu oti "mudzandiganizire" sakhala ongokometsera. Kodi pali njira yotchulira mweziwo koma n'kumveka kuti kukanako ndi kotheratu, osati kunenerera ngati tili pamsika? Ndaganiza zowonjezera kuti "ndasankha kukwaniritsa mgwirizanowo", kuti aone kuti si nkhani ya ndalama yokha. Kapena pamenepo ndayamba kulongolola?

China ndi woti ndimulembere. Imelo inachokera kwa mayi woona za olembedwa ntchito, amene sindinaonanepo nawo, koma amene anandifunsa mafunso ndi mkulu wa zachuma, bambo amene anandiperekeza mpaka pageti n'kundiuza kuti akufuna munthu wodziwa kulemba malipoti a opereka thandizo. Maganizo anga ndi kudina Reply pa imelo yomweyo kuti mutu wake ndi dzina la udindo zisasinthe, n'kuika bambowo pa Cc. Koma mtima ukundiuza kuti munthu wamkulu ngati ameneyo sayenera kumva nkhani yotere pa Cc, ndiyambe ndawaimbira foni, imelo itsatire tsiku lomwelo kuti pakhale cholembedwa. Mantha anga ndi oti pafoni angandinyengerere, ndipo ine kukana munthu wamkulu pakamwa kumandivuta.

Kudikira mpaka Lachisanu sindikufuna. Ndikudziwa kuti pali amene anakhala wachiwiri, ndipo ndikamachedwa nayenso angapeze kwina, bungwe n'kuyambiranso kulengeza m'nyuzi. Komabe mnzanga wina akuti kukana mwamsanga kumaoneka ngati sunaiwerenge n'komwe kalatayo. Inu mukuona bwanji?

Pomaliza, pali aphunzitsi anga akale amene anandiikira umboni, ndipo bungwelo linawaimbiradi foni. Ndikufuna amve kwa ine, osati kwa a bungwelo. Ndiwauze ndisanatumize imelo kapena nditatumiza? Nanga Juni akadzakwana, ndi ulemu kuwalembera a bungwelo ndekha kuwakumbutsa, ngakhale asanalengeze ntchito ina?

Ndithandizeni Azakhali, Lachisanu layandikira.

Ine mwana wanu,
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu