Usandibweretserenso mapepala

Mwana wanga,

Amayi ako posesa m'chipinda chako dzulo apeza jumbo yodzaza ndi timapepala ta makampani, tija unatolera kuchionetsero cha ntchito chaka chatha. Tawerenga tapeza 31, kuphatikizapo mabolopeni awiri ndi kapu. Palibe ngakhale kamodzi komwe unalembapo dzina la munthu. Tsono ndamva kuti Lachisanu ukupitanso, ndipo ukufuna ndalama ya minibasi. Nditumiza, koma undimvere.

Usakazungulire matebulo onse ngati uli mumsika wa Limbe. Lero lomwe funsa okonza chionetserocho kuti kubwera makampani ati, usankhepo anayi okha omwe amalemba anthu a zowerengera ndalama ngati iwe. Ufufuze zomwe amachita. Ukangofika patebulo n'kufunsa kuti "kodi mumapanga chiyani kuno?" adzakupatsa kapepala, nkhani yathera pomwepo.

Upite m'mawa, akangotsegula. Mabwana olemba ntchito nthawi zambiri sakhalitsa, ikakwana nkhomaliro amasiya achinyamata ogawa mapepala amene sangakulonjeze kanthu. Mnzako uja amadzuka dzuwa lili pamutu, usamudikire. Ndikudziwa kuti chaka chatha munafika masana chifukwa cha iye, ndipo ndikudziwanso komwe munathera madzulo ake. Upite wekha.

Ukafika, nena dzina lako, zomwe unaphunzira, ndi miyezi itatu ija unathandiza kulemba mabuku a ndalama kusitolo kwa amalume ako. Usachite nayo manyazi, imeneyo ndi ntchito. Kenako funsa: mumalemba anthu mwezi uti? Mumatenga ophunzira ntchito? Kalata ndilembere ndani? Akakuuza kuti "muziona m'nyuzipepala", funsanso mwaulemu dzina la amene amalandira makalatawo. Ulembe kuseri kwa kapepalako dzina, udindo, imelo, ndi mawu amodzi omwe wanena munthuyo.

Ine ntchito yaukalaliki kufodya ndinaipeza choncho. Ndinafunsa kapitawo wina kuti amalemba liti, iye nati msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndiye ubwere usanatsegulidwe. Anzanga anapita msika utayamba, anapeza malo atadzaza. Nsapato zomwe ndinavala tsikulo zinali zobwereka, zothina, ndinabwerera kunyumba ndili nazo m'manja.

Sivi yako usindikize makope asanu, uike mu envulopu kuti isakwinyike, ndipo nambala ya foni ikhale imene imagwira. Lolemba lisadutse usanalembere aliyense mwa anayiwo, kumukumbutsa zomwe munakambirana, poti akumana ndi anthu ambiri ndipo nkhope yako aiwala msanga. Wina akati upereke kangachepe kuti dzina lako lilowe, ameneyo ndi wakuba, usamupatse ngakhale tambala.

Ndanena kale, upite wekha. Malaya oyera aja amayi ako asita, abwera ndi mlongo wako Lachinayi. Loweruka undiimbire, undiwerengere mayina anayiwo.

Ndine bambo ako.