Wolakwa ndi wapolisi, wolipira ndife

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa mawu amene ndimamva kawirikawiri m'minibasi ndi pamaliro, akuti boma silisumiridwa. Boma limasumiridwa ndithu, ndipo limagonja. Dandaulo langa lili pa zimene zimachitika likagonja.

Mwana wa mlongo wanga amakonza njinga zamoto pa msika wina kwathu kuno. Kabaza wina atabedwa njinga, apolisi adatola mnyamatayu Lachisanu madzulo chifukwa choti njingayo idaonekako pamalo pake mlungu wam'mbuyo. Adagona m'chitokosi masiku 11 osaona khoti. Amayi ake amapita ndi nsima m'kontena tsiku ndi tsiku, ndipo yankho linali limodzimodzi, loti bwana wofufuza mlanduwo wapita kumaphunziro. Atafika naye kukhoti Lachiwiri la mlungu winawo, majisitireti adamutumiza ku limandi kwa milungu itatu, kenako mlandu udathetsedwa posowa umboni. Adabwerako ndi mphere, napeza masipanala ake onse atasowa.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu akamangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Kwa mnyamatayu tsikulo linali Lolemba. Kuchokera Lolemba limenelo mpaka Lachiwiri la mlungu wotsatira, masiku 8, adasungidwa popanda lamulo, ndipo pamenepo ndi pamene panali mlandu wake wolimba.

Iye ankafuna amulipire milungu yonse, ya ku limandi yomwe. Loya adamuuza kuti iyayi. Khoti likangolamula kuti munthu asungidwe, amene akumusunga salinso wapolisi koma khotilo, ndipo woweruza sasumiridwa pa chigamulo chimene wapereka ali pampando. Ngati walakwitsa, njira yake ndi apilo. Kuti masiku a limandi awerengedwe, pamafunika mlandu wina wovutirapo, wosonyeza kuti adamuimba mlandu popanda chifukwa chomveka komanso mwa njiru, ndiponso kuti mlanduwo udatha momukomera. Njiru imavuta kuigwira ndi umboni. Chitetezo cha oweruzachi ine ndilibe nacho vuto: majisitireti woopa kusumiridwa ndi aliyense amene wamugamula mlandu angamaweruze moyang'ana thumba lake.

Amene amasumiridwa pa zolakwa za wapolisi ali pa ntchito ndi boma, kudzera kwa mlangizi wake wamkulu pa zamalamulo, chifukwa wolemba ntchito amasenza zolakwa za wantchito wake. Koma apa pali khwekhwe limene lagwetsa ambiri. Lamulo la kasumiridwe ka boma ndi ogwira ntchito zake likuti usanakatule mlandu kukhoti, uyambe walemba kalata yochenjeza, uisiye ku ofesi ya mlangiziyo, kenako udikire miyezi itatu. M'kalatamo mukhale dzina lako, kumene ukukhala, chimene adakulakwira ndi chimene ukufuna. Ukadumpha zimenezi, maloya a boma amangoimirira n'kunena kuti sadachenjezedwe, ndipo mlandu utha kugwa woweruza asadamve n'komwe za mphere zija. Sungani kope lodindidwa sitampa ya tsiku limene adalandira. Ife tidatsala pang'ono kupsa, chifukwa kalata yoyamba tidakaisiya kupolisi komweko, poganiza kuti boma ndi limodzi.

Mnyamatayu adapambana patatha zaka ziwiri. Ndalama zake mpaka lero tikuziyendera. Munthu wamba akagonja pa mlandu wa ngongole, masherifi amabwera n'kunyamula firiji ndi mipando. Boma salithamangira choncho, lamulo lomwe lija limalipatsa nthawi yoti lilipire, ndipo chimene wopambana amatsala nacho m'manja ndi pepala la chigamulo ndi ulendo wa ku Lilongwe wokafunsa ngati ndalama zatuluka. Ndikumvetsa kuti sitingalole ambulansi ya chipatala kugulitsidwa pa okushoni chifukwa cha ngongole ya apolisi. Koma ngati boma latetezedwa kumbali imeneyo, lidzimangenso lokha kumbali inayo: bajeti ya chaka chilichonse ikhale ndi ndalama zolipirira zigamulo, ndipo zizituluka motsata tsiku la chigamulo, osati motsata amene ali ndi mlamu ku unduna wa zachuma.

Tsono wofufuza uja, amene ankati ali kumaphunziro, sadataye ngakhale tambala. Izi si za kwathu kokha. Tonse tikukumbuka za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu mu Okutobala 2019, pamene wapolisi wina adaphedwa pa zipolowe, anzake napita kukalusira midzi. Amayi ndi atsikana 18 adakadandaula kuti adagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza, mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi. Mu Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu adagamula kuti boma liwapepese ndi ndalama, ndipo mu 2021 khoti lidaika chipukuta misozi cha pakati pa K4 miliyoni ndi K10 miliyoni kwa aliyense. Chigamulo chabwino. Koma ndalama zoterezi zimachokera ku msonkho, kutanthauza kuti mayi wa ku Msundwe akagula sopo kapena mayunitsi, amasonkhako yekha chipepeso chake.

Sindikunena kuti wapolisi aliyense wolakwitsa agulitsidwe nyumba. Wina amamanga munthu molakwika koma ali ndi chifukwa chomveka chomukayikira, ndipo lamulo limamuteteza moyenera. Komanso malipiro a konsitabo sangakwanitse chipukuta misozi, choncho wolakwiridwa ayenera kulipidwa ndi boma basi. Koma pamene khoti lapeza kuti munthu adamenya, adagwirira, kapena adasunga mnzake masiku 8 mwadala, boma likalipira limutembenukire, lizimudula kumalipiro mwezi ndi mwezi, ndipo chigamulocho chilowe mufayilo yake asanamuganizire zomukweza. Lamulo la apolisi la 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, lomwe lidatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe ntchito. Bwanji chigamulo chilichonse chotere chisamapite kumeneko chokha, osadikira kuti wolakwiridwa ayambenso kudandaula kachiwiri?

Ena amabisala ku mawu akuti chitetezo ngati kuti aliyense wa boma ali nacho. Gawo 91 limateteza mtsogoleri wa dziko kuti asasumiridwe kapena kuimbidwa mlandu ali pampando, komabe gawo lomwelo likuti ofesi yake iyenera kumvera zimene makhoti alamula pa nkhani za ufulu ndi udindo wa m'malamulo aakuluwo. Akachoka pampando, chimatsala ndi chitetezo cha zimene adachita monga ntchito ya udindo wake basi. Aphungu amatetezedwa pa zoyankhula zawo m'Nyumba ya Malamulo. Wapolisi wa pa kauntala, kalaliki wa kwa DC kapena msilikali wa pa rodibuloko mulibe m'ndandanda umenewo.

Mwezi watha mnyamata uja adakumana ndi wofufuza wake pa depoti. Adapatsana moni, bwanayo n'kumufunsa ngati angamuonereko kabuleta ya njinga yake.

Ine wanu,
Malume wodandaula,
Dedza