Kakope kako ka masiku

Mwana wanga,

Nkhani ngati izi zimayenera kudzera kwa azakhali ako, koma poti unandionetsa wekha kakope kako utabwera kuno ku Chilomoni, ndilankhula ndine. Wati mwagwirizana ndi bambo a mwana kuti muzilera powerenga masiku. Kwa iweyo njirayi ikugwiritsa fuwa lamoto.

Ambiri amati dzira limatuluka tsiku la 14 kuchokera pomwe wayamba kusamba. Zimatero kwa mayi amene msambo wake umabwera pa masiku 28 aliwonse. Chenicheni n'chakuti dzira limatuluka patatsala masiku ngati 14 kuti msambo wotsatira uyambe. Ndiye kuti ulidziwe tsikulo, uyenera kudziwiratu tsiku lomwe udzasambenso. Iwe ungalidziwe bwanji?

Taona zomwe unalemba ndi bolopeni yofiira zija: 24, 35, 29, 41, 27, 33. Mwezi wa masiku 24 uja, dzira linatuluka cha pa tsiku la 10. Mwezi wa masiku 41, linadikira mpaka cha pa tsiku la 27, nthawi yomwe inu awiri munkati zoopsa zadutsa kale. Komanso mbewu ya abambo imatha kukhala yamoyo m'thupi mwako mpaka masiku 5, kudikira dziralo. Mukhoza kukhala malo amodzi Lolemba, pathupi n'kudzachitika Lachisanu.

Owerenga mwadongosolo amachotsa 18 pa mwezi waufupi kwambiri, ndi 11 pa mwezi wautali kwambiri. Kwa iwe, 24 kuchotsa 18 ndi 6, ndipo 41 kuchotsa 11 ndi 30. Ndiye kuti kuyambira tsiku la 6 mpaka la 30 muzigona mofulatirana kapena muzigwiritsa ntchito kondomu. Masiku 25 athunthu! Sindikunyoza apongozi anga, koma ndi banja liti lingapirire zimenezo mwezi ndi mwezi?

Za mikanda yowerengera masiku ija mnzako wa ku Bangwe akukuuza, usatengere. Mikanda inapangidwira amayi amene msambo wawo umabwera pakati pa masiku 26 ndi 32, ndipo amapewa tsiku la 8 mpaka la 19. Ukadumpha malire amenewo kawiri pachaka, njirayo si yako. Iwe wadumpha kanayi pa miyezi isanu ndi umodzi.

Sikuti ukudwala ayi. Ukuyamwitsa, ndipo kuyamwitsa kumasokoneza masiku. Ngakhale malungo kapena nkhawa zimachedwetsa dzira, kalendala ili pakhoma osadziwa kanthu. Mng'ono wako uja anabwera choncho, iwe usanayambe n'kuyenda komwe, ine ndikuwerengabe masiku mokhulupirika.

Ukapita kusikelo sabata yamawa, tenga kakopeko ukaonetse anamwino, ufunse za lupu, jakisoni kapena njira ya pamkono, zomwe zimagwirizana ndi woyamwitsa. Pakadali pano makondomu asasowe m'nyumba. Ukachedwa kusamba kuposa masiku 41 aja, kayezetse kaye ngati uli ndi pathupi usanayambe njira ina iliyonse.

Mupatse moni mdzukulu wanga. Ufa wa phala lake ndagayitsa kale, udzatenge Loweruka.

Ndine mayi ako.