Kalata kwa msuweni wanga wa ku Joni: ndiyambe bizinesi iti?

Mponela,
Dowa.

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko. Kuno tonse tili bwino, ndipo azakhali anu akupereka moni. Ndalemba kalatayi kuti mundithandize maganizo, popeza inu mwakhala mukuyendetsa golosale kwa zaka zambiri ndipo mukudziwa mmene ndalama ya mpamba imasowera m'manja mwa munthu amene wangoyamba kumene. Sindikupempha ndalama ayi. Ndikufuna mundiuze bizinesi imene ikugwirizana ndi zimene ndimatha, ndalama zimene ndili nazo, komanso nthawi yochepa imene ntchito yauphunzitsi imandisiyira.

Zimene ndimatha ndi izi. Ndimasoka bwino madiresi, masiketi ndi malaya a ana pa makina opalasa ndi mwendo amene mayi anandisiyira, ndipo ndimadula ndekha nsalu popanda kubwereka patani kwa telala wina. Zovala za amuna akuluakulu, monga majekete, sindinazizolowere. Ndinasungapo nkhuku zachikuda kuyambira ndili mwana, koma za nyama zoyera zija ndangoziona kwa anzanga. Kulemba mabuku a ndalama sikundivuta, chifukwa ndine mlembi wa gulu lathu la banki mkhonde.

Ndalama zonse zimene ndasonkhanitsa ndi K850,000, zina zochokera ku banki mkhonde ndipo zina ndinapeza nditagulitsa soya. Pa ndalamazi ndapatulapo K150,000 yoti isakhudzidwe, yodikira matenda kapena maliro, choncho mpamba weniweni ndi K700,000. Sindikufuna kuisunga nthawi yaitali, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yongokhala imagula zochepa mwezi ndi mwezi.

Nthawi ndiyo ikundipanikiza kuposa ndalama. Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi ndimakhala womasuka kuyambira 3 koloko masana mpaka 6 koloko madzulo, Lachisanu ndimachonga ntchito za ana, Loweruka ndili ndi maola asanu ndi limodzi, ndipo Lamulungu ndi la kutchalitchi. Zonse pamodzi ndi maola 18 pa sabata, ndipo m'mawa wonse pakhomo pamakhala mdzukulu wa azakhali anu yekha, amene sangasiyiridwe ndalama. N'chifukwa chake ndasiya maganizo okhala ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pakuti ntchito imeneyo imafuna munthu wokhala pa kauntala tsiku lonse. Zatsala ziwiri, nkhuku za nyama ndi kusoka mayunifomu.

Za nkhuku ndawerengera motere, potengera mitengo imene ndinauzidwa nditafunsa m'masitolo mwezi uno. Anapiye 50 a tsiku limodzi pa K2,000 aliyense ndi K100,000. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu anayi kuti ifike masabata asanu ndi limodzi, kutanthauza matumba anayi a makilogalamu 50, ndipo pa K95,000 thumba limodzi ndi K380,000. Katemera wa chitopa ndi gumboro, utuchi woyala pansi, ndi makala a mbaula yotenthetsera anapiye masabata awiri oyambirira ndaziika pa K60,000. Zonse zikukwana K540,000, osawerengera modyera ndi momwera, zomwe ndingagule kamodzi kokha. Zitapulumuka 46 n'kugulitsidwa pa K14,000 iliyonse, ndingapeze K644,000, ndiye kuti phindu ndi K104,000.

Chimene chikundiopsa si kuchepa kwa phindulo kokha ayi, koma zimene zimachitika nkhuku zikakula koma ogula palibe. Nkhuku 46 zazikulu zimatha pafupifupi thumba lathunthu pa sabata, choncho kuchedwa kugulitsa ndi sabata imodzi yokha kumadya pafupifupi phindu lonse lija. Pano pa Mponela pali malesitilanti ndi okazinga chipisi amene amagula zambiri nthawi imodzi, koma ambiri amafuna kutenga pangongole n'kulipira akagulitsa. Komanso anapiye amafuna diso m'mawa. Akaunjikana pakona imodzi ndiye kuti akuzizidwa ndipo amatha kupondana mpaka kufa, akathawira kukhoma atayasama kukamwa ndiye kuti moto wachuluka, ndipo zonsezi zingachitike ine ndili m'kalasi. Kunena zoona, kuika K540,000 m'khola limodzi pamene mpamba wonse ndi K700,000 kukundisowetsa tulo.

Kusoka kukuoneka kuti kukugwirizana bwino ndi maola anga, chifukwa nsalu sidya ndiponso siifa ndikachoka. Diresi la yunifomu la mwana wa Sitandade 4 limalowa pafupifupi mamita awiri a nsalu. M'masitolo a mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe ndinauzidwa K4,500 pa mita, ndiye kuti K9,000, kuphatikizapo K1,500 ya ulusi, zipi ndi mabatani. Nditagulitsa pa K17,000, pangatsale K6,500 pa diresi limodzi, ndipo limanditengera maola awiri ngati ndadulira pamodzi angapo a saizi imodzi. Pa maola 18 ndingasoke madiresi asanu ndi atatu mosathamanga, phindu lake K52,000 pa sabata, ndisanachotsepo thiransipoti yokagulira nsalu. Poyambira ndingagule nsalu ya K300,000 yokha, ndalama ina yonse n'kukhala ili pambali.

Vuto lake ndi lakuti msika wa yunifomu ndi wa nyengo. Makolo amagula kwambiri mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene chaka cha sukulu chikuyamba komanso ndalama za fodya zisanathe m'matumba, koma ikafika Januwale ndi Febuluwale aliyense amaganiza za chimanga basi. Chachiwiri, makina anga samanga m'mphepete mwa nsalu ngati a ovaloko, ndipo makolo ena amatembenuza diresi n'kuyang'ana m'kati asanagule. A ovalokowo amayendera magetsi, omwe kuno amathimathima. Chachitatu n'chimene ndikufuna muchiganizire mofatsa: makolo ambiri amene angagule ndi a ana amene ndimawaphunzitsa. Sindikufuna kuti zioneke ngati ndikukakamiza mwana kugula kwa aphunzitsi, komanso sindikuona mmene ndingatsatire ngongole kwa kholo limene mwana wake wakhala kutsogolo kwanga m'kalasi tsiku ndi tsiku. Ndaganizapo zomapereka madiresiwo kwa mwini sitolo wina kumsika kuti azigulitsa iyeyo, ngakhale kuti angafune kudyapo K1,500 kapena K2,000 pa diresi.

Mtima wanga wapendekera ku kusoka, ndipo nkhuku ndingaziyese pa tchuthi chachitali pamene ndimakhala pakhomo tsiku lonse, mwina zokwana 25 zokha. Komabe ndikufuna mundiyankhe mosabisa pa mafunso atatu. Kodi ndi bwino kusokeratu madiresi ambiri a masaizi osiyanasiyana n'kumadikira ogula, kapena ndizisoka pokhapokha munthu akapereka theka la mtengo? Kodi pa K400,000 yotsalayo ndichotsepo yogulira makina a ovaloko tsopano, kapena ndidikire nyengo imodzi ndione kaye ngati makolo akudandauladi za m'mphepetemo? Nanga inu ngongole za achibale ndi anthu odziwana nawo mumazikana bwanji pa golosale panu popanda kudana nawo?

Ngati mukuona kuti pali bizinesi ina yogwirizana ndi maola angawa imene sindinaiganizire, mundiuzenso pamodzi ndi chifukwa chake. Chonde muyankhe mwezi wa Juni usanathe, chifukwa ngati ndi kusoka ndiyenera kukagula nsalu mu Julayi kuti madiresi oyamba akhale atatha makolo asanayambe kufunafuna. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine msuweni wanu,
wa ku Mponela.