Lipoti la msonkhano wa ophunzira okha kulemba mapulogalamu a kompyuta: zolinga zotheka ndi kalondolondo wa maphunziro athu

A wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu kuno ku Kasungu, ndikupereka lipoti la msonkhano umene munanditumako ku Lilongwe, kumene kunakumana nthumwi za magulu a achinyamata amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta popanda mphunzitsi wa m'kalasi. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma, ndipo aliyense wofuna kuona mmene alawansi inayendera angathe kuwaona kumeneko.

Zokamba zotsegulira zinali za mwambo chabe, ndipo gawo lonena za kalembedwe ka makalata ofunsira ntchito silinali ndi chachilendo kwa ife. Gawo limene ndikuona kuti linabweza ndalama zanu ndi limene anatsogolera mayi wina wolemba mapulogalamu, amene anaphunzira yekha monga tikuchitira ifemu. Mfundo yake inali yakuti cholinga chabwino chimanena chimene pulogalamu idzachite, osati chimene wophunzira adzaonere kapena kuwerenga. Munthu akanena kuti mwezi uno aphunzira Python, palibe angadziwe tsiku limene wakwaniritsa, ngakhale mwiniwakeyo. Akanena kuti pofika Loweruka akhala atalemba pulogalamu yowerengera ndalama zimene membala wa banki m'khonde ayenera kubweza, Loweruka likafika pulogalamuyo imaoneka ngati ikugwira ntchito kapena ayi.

Chitsanzo chimenechi anachigawa m'masabata anayi, poganizira munthu amene wadziwa kale zoyambirira. Sabata loyamba ndi kachigawo kamodzi kowerengera chiwongoladzanja, pamodzi ndi mzere woyesa ngati yankho lili lolondola:

```python
def kubweza(ngongole, peresenti):
    return ngongole + ngongole * peresenti // 100

assert kubweza(50000, 20) == 60000
```

Mzere womalizawo ndiwo muyeso wa cholingacho. Wobwereka K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse ayenera kubweza K60,000, ndipo ngati pulogalamu ipereka yankho lina, imaima n'kulemba `AssertionError`. Anatilangiza kuti yankholo tiziyamba taliwerengera papepala, kuti tisamangokhulupirira chilichonse chimene kompyuta yatulutsa. Sabata lachiwiri pulogalamu isunge mayina a mamembala angapo ndi ngongole zawo. Sabata lachitatu izilemba zonsezo m'fayilo ya CSV kuti zisamafufutike kompyuta ikazima, ndipo sabata lachinayi izitha kukana bwinobwino munthu akalemba mawu pamalo pa nambala. Anawonjezera kuti ngati ntchito ya sabata limodzi yatenga masabata awiri, wophunzira asamangodziona ngati wa mutu wouma, koma aidule pawiri ntchitoyo, chifukwa nthawi zambiri m'kati mwake mumakhala mwabisala zinthu ziwiri zatsopano zimene zimafunika kuphunziridwa payokhapayokha.

Pa za kalondolondo anatchula zinthu zitatu, ndipo chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kabuku ka zolakwika. Nthawi iliyonse pulogalamu ikakana, wophunzira alembe tsiku, uthenga umene waoneka pa kompyuta monga momwe ulili, chimene chinachititsa, ndi mmene wakonzera. Anatisonyeza vuto limene limagwira pafupifupi aliyense woyamba: `input()` imabweretsa mawu ngakhale munthu atalemba manambala, choncho `"50000" * 0.2` imapereka `TypeError`, pamene `"50000" * 2` sidandaula n'komwe, imangotulutsa `5000050000`. Vuto lachiwirili ndilo loopsa chifukwa pulogalamu imaoneka ngati yayenda bwino, ndipo mankhwala ake ndi kusandutsa mawuwo kukhala nambala ndi `int()` musanayambe kuwerengera. Munthu akawerenga kabuku kake pakutha pa mwezi n'kupeza kuti vuto lomwelo labwera kangapo, wadziwa chimene sanamvetse, ndipo chimenecho ndicho chikhale cholinga cha sabata lotsatira.

Chachiwiri ndi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha zonse imene Linus Torvalds analemba mu 2005. Imagwira ntchito pa laputopu popanda intaneti, zimene ndi zofunika kwa ife amene bandulo imatithera pakati pa mwezi. Wophunzira akamaliza kanthu kamodzi amasunga ndi `git commit`, n'kulembapo mwachidule chimene wasintha, ndipo pakutha pa sabata lamulo ili limaonetsa zonse zimene wachita:

```
git log --oneline --since="1 week ago"
```

Chachitatu ndi kutseka zonse, n'kulembanso pulogalamu ya sabata lathalo kuchokera pa fayilo yopanda kanthu. Amene amangokopera zimene akuona pa vidiyo amaonekera pomwepa, chifukwa mzere woyamba womwe umamukanika.

Apa ndiyenera kunena za ife. Kaundula wathu amalemba maola amene munthu waonera mavidiyo ndi masetifiketi amene watenga pa intaneti, ndipo bandulo ya gulu timagawa potengera zimenezo. Ndinanena pamsonkhano wathu wapitawo kuti kagawidwe kameneka kakupondereza anzathu amene amathera nthawi yawo pa kulemba ndi kukonza mapulogalamu, koma nkhaniyo sinalembedwe n'komwe m'maminitsi. Mlimi wa fodya sauza anthu masiku amene wapita kumunda, amawauza mabelo amene wapita nawo kumsika. Tili ndi mamembala a masetifiketi atatu amene sanationetsepo pulogalamu imodzi yoyenda, ndipo vuto si iwowo ayi, koma kaundula amene akuwalimbikitsa kusonkhanitsa zimenezo.

Msonkhano wa ku Lilongwe unagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti gulu lililonse lizikhala ndi tsiku limodzi pamwezi loonetsana mapulogalamu, ndipo ichi ndinachivomereza ndi mtima wonse. Chachiwiri n'chakuti wophunzira aliyense azilemba pulogalamu ola limodzi tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo ichi ndinachikana, ngakhale kuti ambiri anachikonda. Amene anachibweretsa ali ndi laputopu yawoyawo kunyumba. Ife tilipo 12, malaputopu a gulu ndi atatu, ndipo chipinda chathu chimatsegulidwa masana atatu pasabata, maola anayi tsiku lililonse. Pa malaputopu atatuwo amenewo ndi maola 36, kutanthauza maola atatu kwa munthu mmodzi pasabata, magetsi akapanda kuzima, pamene lamulo lawolo likufuna maola 7. Komanso nthawi yothyola ndi kusankha fodya ikafika, theka la mamembala athu amakhala kumunda ndi m'zigafa mpaka madzulo. Cholinga chimene munthu adzalephera m'sabata loyamba lomwe chimamuchititsa manyazi, ndipo tonse tikudziwa anzathu amene anasiya kubwera chifukwa cha manyazi otero.

Ndiponso maola atatuwo ndi a papepala pokha. Laputopu imodzi inatengedwa kupita kunyumba kwa mmodzi wa akuluakulu a komiti ati kukaisamalira, ndipo mpaka lero sinabwerere m'chipinda chathu, choncho tikugawana maola 24, awiri okha munthu aliyense. Ndikupempha a wapampando kuti nkhaniyi ithe tisanauze aliyense kuti aike zolinga, chifukwa munthu sangakonze ntchito ya sabata asakudziwa maola amene ali nawo. Amene ali ndi mafoni a Android angathe kuyeserera tizigawo tating'onoting'ono pa Pydroid 3, koma kulemba pulogalamu yaitali pafoni n'kovuta, ndipo zimenezi zisakhale chifukwa chosabwezera laputopuyo.

Pempho langa n'lakuti pamsonkhano ukubwerawu tivote pa zinthu izi: kaundula wa maola a mavidiyo alowedwe m'malo ndi cholinga chimodzi pasabata cholembedwa pamodzi ndi muyeso wake, aliyense akhale ndi kabuku ka zolakwika, ndipo m'miyezi ya fodya cholinga chizikhala cha masabata awiri. Ine ndine wokonzeka kuika Git pa malaputopu onse atatu ndi kutsogolera sabata loyamba la pulogalamu ya banki m'khonde, a mlembi akangotulutsa ndandanda watsopano wa kagwiritsidwe ntchito ka malaputopuwo.