Ndipite ku Qatar kapena ndikaphunzire ku Moatize?

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 24 wa ku Ulongwe, m'boma la Angoniya. Ndinamaliza kalasi 12 ndipo ndimapikula mbatatesi ku Tsangano n'kukagulitsa mumzinda wa Tete. Pa geni imeneyi ndasunga mametikali 120,000, ndipo ndi ndalama zimenezi zikundisowetsa tulo.

Bambo wina wopezera anthu ntchito kunja wandilonjeza kontirakiti ya zaka ziwiri ku Qatar, yothandiza amisiri a magetsi pa zomangamanga. Akufuna 90,000 ya tikiti, viza ndi kuyezetsa kuchipatala. Malipiro akuti ndi mariyali 1,000 pamwezi, malo ogona ndi chakudya n'za abwana. Ndinafufuza n'kupeza kuti amenewa ndiwo malipiro otsikitsitsa amene boma la kumeneko linakhazikitsa mu 2021. Kwathu kuno ndi pafupifupi mametikali 17,500. Ndiye kuti miyezi isanu yoyambirira ndidzangogwirira kubweza zimene ndalipira bamboyo. Ndikachotsa 5,000 yotumizira amayi mwezi ndi mwezi ndi 3,000 ya foni ndi sopo, ndingabwere ndi ndalama zosakwana 230,000, ngati sindidwala ndipo malipiro sachedwa.

Chikundikayikitsa n'chakuti akuti ndilowe ndi viza ya mlendo, kontirakiti ndikasainire komweko. Pepala limene anandionetsa pafoni n'lachingelezi, pamene ine sukulu yonse ndinaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo anakana kunditumizira. Ndinamvanso kuti lamulo la ku Qatar silola kuti wantchito alipitsidwe ndalama zomupezera ntchito, wolipira ndi wolemba ntchitoyo. Nditamufunsa anangoseka, amvekere, "Mphwanga, ukachedwa malo ako atenga wina."

Malume akuti ndisiye zimenezo, ndikalembetse kusukulu ya za miyala ndi migodi ku Moatize. Maphunziro ake ndi a zaka zitatu, ndipo fizi, lendi ndi chakudya zingamalize ndalama zanga ndisanafike kumapeto, geni itaimanso. Iwo amati satifiketi siwola. Zoona, koma msuweni wanga ali nayo, ndipo chimalizireni akuyendetsa njinga yamoto ya kabaza podikira kuitanidwa. Chigulitsireni kampani ya Vale mgodi wa malasha wa ku Moatize kwa kampani ya Vulcan mu 2022, nkhani ya m'mabasi ndi yakuti dziko likuchoka pa malasha, tsono ndimaopa kuphunzirira ntchito imene ikutha.

Kunena zoona mtima wanga uli ku Qatar, chifukwa ndikabwera ndingathe kudzilipirira sukuluyo ndili ndi zaka 26, pamene ndikayamba ndi sukulu sinditsala ndi kanthu. Koma ndingatsimikize bwanji kuti bamboyu ali ndi chilolezo cha boma chotumiza anthu kunja? Ndikafunse ku ofesi ya zantchito ku Tete ndisanapereke kalikonse? Nanga ndikaumirira kuti viza ikhale yantchito, kontirakiti ndisainire konkuno itamasuliridwa, iye n'kukana, ndipite kusukulu kapena ndipitirize geni ndikufunafuna njira ina? Wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno.

Ine wothedwa nzeru,
Ulongwe